Makalata awiri a mmisiri: ina ya kwa Bwanamkubwa, ina ya kwa kasitomala

Munthu wa bizinesi yaing'ono salemba makalata ambiri pachaka, ndipo ochepa amene amalembawo nthawi zambiri amakhala okumbutsa za ndalama. Tiyerekeze mmisiri wa matabwa amene anapatsidwa ntchito ndi khonsolo ya boma lake yokhoma madesiki 60 a pasukulu ina ya pulayimale. Madesiki anakatula, aphunzitsi aakulu anawerenga n'kusayinira, koma patha miyezi iwiri ndalama zisanaoneke. Mwezi womwewo mmisiriyu anakhomanso matebulo anayi a mayi wina wa lesitilanti, kasitomala wake wa zaka zambiri, amene anapereka theka n'kulonjeza kuti zotsala amaliza mwezi ukatha. Mwezi watha kawiri. Nkhani ndi imodzi, yoti andilipire. Koma akalemba makalata awiriwa mofanana, imodzi mwa iwo imuwonongera zinthu.

Ambiri amaganiza kuti kusiyana kwake kuli pa kuchuluka kwa ulemu, kuti kuboma timathira ulemu wambiri ndipo kwa kasitomala timachepetsako. Ine sindiona choncho. Ulemu ndi wofunika konsekonse, ndipo onse awiri timawatchula kuti "inu". Chosiyana ndi amene akulandira moniwo. Kalata ya kuboma imapatsa moni mpando, pomwe uthenga wa kwa kasitomala umapatsa moni munthu. Zina zonse, kuyambira malonje mpaka kutsanzika, zimachokera pamenepa.

Kuti timvetse chifukwa chake, titsatire kalata ya madesiki ija ikalowa pakhomo la ofesi. Siyipita m'manja mwa Bwanamkubwa nthawi yomweyo. Imayamba yafika m'chipinda cholandirira makalata, momwe kalaliki amaidinda chidindo cha tsiku, n'kuilemba m'buku, n'kuifunira fayilo yake. Ikafika patebulo la bwana, iwo amalembapo mawu awiri atatu pakona, kuilozera kwa mkulu wa zachuma kapena wa zamaphunziro. Kumeneko imathanso kutsikira kwa wowerengera ndalama amene akafufuze ngati mapepala onse alipo. Ndiye kuti kalata imodzi iwerengedwa ndi anthu anayi kapena asanu, ambiri mwa iwo osamudziwa mmisiriyo ngakhale nkhope. Ikatero imakhala m'fayilo, ndipo pakatha zaka ikhoza kutsegulidwanso ndi olondoloza ndalama za boma. Malonje oyenera ndi amene sangachititse manyazi aliyense mwa anthu onsewa.

N'chifukwa chake pamwamba, pansi pa keyala ya mmisiriyo ndi tsiku, timalemba udindo osati dzina: "Bwanamkubwa", kenako dzina la khonsolo ndi keyala yake. Akuluakulu a boma amasamutsidwa kawirikawiri, ndipo kalata yolembedwa dzina la munthu imatha kutengedwa ngati yake ya iye mwini. Kalaliki akhoza kuopa kuitsegula, n'kuisunga mpaka mwini wake abwere kuchokera kumsonkhano, kapena kuitumiza kumene anasamukira. Kalata yolembedwa udindo imatsegulidwa tsiku lomwelo, kaya pampandopo pali ndani. Udindowo ukhalenso wolondola. M'maboma 28 a dziko lino mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo ndi Bwanamkubwa, koma m'makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba timalembera Mkulu wa Khonsolo. Meya ndi mtsogoleri wa makhansala, wosankhidwa pandale, ndipo si amene amasayinira malipiro. Chimodzimodzinso kuunduna ku Capital Hill: nkhani ya ndalama kapena ya ntchito imapita kwa Mlembi Wamkulu wa undunawo, osati kwa nduna. Ngati mmisiri akudziwa kuti nkhani yake ili m'manja mwa mkulu wa zachuma, alembebe kwa Bwanamkubwa, n'kuwonjezera mzere pansi pake wonena kuti kalatayo ifike kwa mkulu wa zachuma. Kulembera wamng'ono mwachindunji kumaoneka ngati kudumpha mutu wa ofesi, ndipo wamng'onoyo sangachitepo kanthu popanda mawu a pakona aja.

Malonje enieni ndi aafupi kwambiri. "Bwana," basi. Ngati mukudziwa kuti pampandopo pali munthu wamayi, "Mayi," ndi ulemu wokwanira, ngakhale kuti m'maofesi ambiri amayi audindo amatchulidwanso kuti bwana popanda wokhumudwa. Ngati simukudziwa, "Bwana/Mayi," imakwana. Ambirife kusukulu tinazolowera kuyamba kalata iliyonse ndi "Wokondedwa", koma pa kalata ya kuboma ine ndimalangiza kuwasiya mawuwa, chifukwa palibe chikondi chimene chikukambidwa pakati pa mmisiri ndi ofesi. "Wolemekezeka Bwana" sialakwika, ndipo amamveka bwino m'makutu, komabe tizikumbukira kuti "Olemekezeka" ndi mawu amene timatchulira nduna, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi ena a maudindo otere. Kuwaunjika pa ofesala aliyense, mpaka kulemba kuti "Olemekezeka kwambiri Bwana wathu wamkulu", kumasandutsa kalata yoitanitsa malipiro kukhala kalata yopempha chifundo.

Apa ndi pamene amisiri ambiri amadzipweteka okha, ndipo zimandimvetsa chisoni. Mwambo wathu umatiphunzitsa kuti munthu wamkulu sumufikira ndi nkhani pakamwa. Umayamba wapereka moni, kufunsa za moyo, kupepesa kuti wawasokoneza. Ndiye mmisiri amatenga zonsezo n'kuziika papepala: "Choyamba ndifunse za moyo wanu ndi banja lonse. Pepani kwambiri kuti ndikukuvutitsani. Ine mwana wanu ndagwada pansi kupempha kuti mundiganizireko." Munthuyu wagwira ntchito, matabwa anagula ndi ndalama zake, anyamata ake akudikira malipiro. Sakupempha thandizo, akukumbutsa za mangawa. Kalata yogwada imauza woiwerenga kuti nkhaniyi ndi yoti achite akafuna, ndipo wowerengera ndalama akafika pamapeto sapeza nambala iliyonse yoti afufuzire. Ulemu umene ofesi imaumva ndi wina: kutchula udindo molondola, kulemba mutu womveka, kupereka manambala onse, ndi kusatayitsa nthawi anthu amene ali ndi mafayilo ambiri patebulo.

Kalata ya mmisiri uja ikhoza kuyenda chonchi. Pansi pa "Bwana," pakubwera mutu wa zilembo zazikulu: "KUKUMBUTSA ZA MALIPIRO A MADESIKI 60". Kenako thunthu lake: "Ndikulemba kukumbutsa za malipiro a madesiki 60 amene ndinapereka kusukulu imene yatchulidwa pa chikalata chanu choodera katundu. Madesikiwa anaperekedwa pa 14 Januwale ndipo aphunzitsi aakulu anasayinira kuti alandira onse ali bwino. Invoisi yanga ya K4,800,000 ndinaipereka kuofesi yanu pa 20 Januwale. Kufikira lero malipirowa sanafike. Ndikupempha kuti mundidziwitse pamene nkhaniyi yafika, komanso ngati pali chikalata china chimene chikusowa kumbali yanga. Ndaphatikiza makope a zikalata zonse zitatu." Pomaliza, "Ine wanu wokhulupirika," siginecha, dzina lonse lolembedwa mooneka bwino, dzina la bizinesi ndi nambala ya foni. M'kalata yeniyeni, nambala ya chikalata choodera katundu, chimene ambiri amangochitcha LPO, iyenera kulembedwa pamutu pomwepo, chifukwa ndi imene wa zachuma amafufuzira.

Taonani kuti mulibe mawu aukali, komanso mulibe kupepesa. Muli "ndikupempha" kamodzi kokha, ndipo chopemphedwacho ndi chinthu chimene ofesala angathe kuyankha. Funso loti ngati pali chikalata chosowa ndi lofunika zedi, chifukwa malipiro ambiri amaima pa zinthu zazing'ono: siginecha imene ikusowa, dzina la kubanki losiyana ndi la pa invoisi, kapena nambala ya msonkho ya ku MRA imene sinalembedwe. Masiku nawonso ali ndi ntchito. Kuyambira mu 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, choncho amene anapereka katundu mu Januwale ali ndi chifukwa chokumbutsira msanga, ngongole yake isanalowe m'gulu la zotsalira za chaka chatha. Ndipo popita kukasiya kalatayo atenge makope awiri, limodzi asiye, linalo amudindire chidindo cha tsiku n'kubwerera nalo. Kalata yachiwiri ikadzafunika, idzayamba ndi kutchula tsiku la yoyambayo, malonje ake osasintha ngakhale mtima utawawa.

Makalata ambiri a m'maofesi a boma amalembedwa m'Chingerezi, ndipo amene akulembera unduna nthawi zambiri amasankha chimenecho. Mfundo zake sizisintha ndi chiyankhulo: udindo pamwamba, malonje a mzere umodzi, mutu, nkhani imodzi, kutsanzika kosakometsera.

Tsopano titembenukire kwa mayi a lesitilanti. Uthenga wawo sudutsa m'manja mwa kalaliki, ulibe fayilo, ndipo mwina supita n'komwe papepala. Upita pa WhatsApp, auwerenga ali chiimire pakati pa makasitomala awo. Owerenga ndi mmodzi, ndipo akumudziwa mmisiriyo, mkazi wake, ngakhale pamene pali shedi yake. Zonse zimene tazichotsa m'kalata ya kuboma zija, kuno ndiye zofunika. Uthenga wongoti "Ndalama ija mutumiza liti?" wopanda moni umamveka ngati kukalipa, ngakhale wolembayo anangofuna kusunga nthawi. Pakati pa anthu odziwana, kudumpha moni kumatanthauza kuti pali mkwiyo. Mayiwo akhoza kulipira tsiku lomwelo, koma mashelefu amene amaganiza zokhometsa chaka chamawa adzapita nawo kwa mmisiri wina.

Kusankha moni kuno n'kovutirapo kusiyana ndi kuboma, chifukwa palibe mawu amodzi okwanira aliyense. Muyezo wabwino ndi wakuti muwatchule polemba monga mmene mumawatchulira mukakumana maso ndi maso, osakwera, osatsika. Ngati mumati "Mayi" mukafika palesitilanti pawo, lembani "Mayi". Ngati ndi amsinkhu wanu ndipo munazolowerana kuti "achemwali" kapena "achimwene", pitirizani. Amene mumawatchula ndi mfunda wawo, monga a Phiri, a Banda, Anaphiri kapena Anabanda, amamva kukoma akaona mfundawo pa uthenga, chifukwa umasonyeza kuti mukuwadziwa kumene achokera. Dzina loyamba lopanda "a" patsogolo ndi la ana ndi anzanu apamtima, ndipo "iwe" asapezeke pa uthenga wa malonda ngakhale kasitomalayo ndi wamng'ono kwa inu. Pali mawu ena a m'tauni, monga "bigi", "madala" kapena "bwana wanga", amene amayenda bwino pakati pa amuna ozolowerana, koma ngati kasitomala sanayambe wawagwiritsa ntchito kwa inu, musakhale woyamba, makamaka pa tsiku lokumbutsa ngongole.

Uthenga wa mmisiri ukhoza kukhala wotere: "Mwaswera bwanji Mayi? Ndikhulupirira kuti kunyumba nonse muli bwino ndipo malonda akuyenda. Matebulo aja akukhala bwanji, palibe limene likugwedera? Ndimati ndikukumbutseniko za K90,000 yotsala ija. Loweruka ndikufuna ndikagule matabwa, ndiye mukanditumizira pofika Lachisanu mundithandiza kwambiri. Mukhoza kutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Zikomo kwambiri."

Moni uli patsogolo, ndipo ukugwirizana ndi nthawi: "mwadzuka bwanji" m'mawa, "mwaswera bwanji" dzuwa likapendeka. Funso la matebulo lili ndi ntchito ziwiri. Likusonyeza kuti mmisiriyo amasamala za ntchito ya manja ake, komanso likupereka mpata woti ngati mayiwo akuchedwetsa ndalama chifukwa chosakhutira, anene. Kachidutswa kakang'ono ka "ko" mu "ndikukumbutseniko" kakufewetsa pempho, pamene m'kalata ya kuboma tinakapewa dala. Chifukwa chofunira ndalamazo chatchulidwa, zimene kuofesi sizikanathandiza kanthu, popeza boma sililipira poona kuti mmisiri akufuna matabwa, koma mnzako amalipira akamva zimenezo. Komabe onani zimene sizinasinthe: kuchuluka kwa ndalama kwalembedwa, tsiku latchulidwa. Apa pali msampha wa mbali ino. Ena amachita manyazi mpaka uthenga wonse umathera m'moni ndi nthabwala, n'kungomaliza ndi "paja kaja". Kasitomala amayankha moniwo mosangalala, za ndalama osazikhudza, ndipo palibe amene angamunene kuti walakwa, chifukwa sanafunsidwe kanthu.

Kulakwitsa kwina ndi kutengera kasitomala kalembedwe ka kuboma. Mayi amene dzulo lomweli mumaseka nawo akalandira kalata yotayipa, ya mutu wa zilembo zazikulu, yoyamba ndi "Mayi," n'kutha ndi "Ine wanu wokhulupirika", amadziwa kuti zinthu zasintha. Amaiona ngati chenjezo loti nkhani ikupita kubwalo. Kalata yotereyi ili ndi nthawi yake, pamene mwakumbutsa kangapo osayankhidwa ndipo mwatsimikiza kuti ndalamazo ndi zofunika kuposa ubalewo. Ikatero, ilembedwe mwaulemu ndi momveka ngati ya kuboma ija. Koma munthu asaitumize poganiza kuti akuonetsa ulemu wapamwamba, chifukwa wolandirayo samva choncho.

Chizindikiro choti simunalondole chimaoneka pa yankho. Ngati mwalemba mochezeka, kasitomala n'kuyankha ndi mawu awiri ouma, mwina mwamuzolowera mopitirira, ndipo uthenga wotsatira ubwerere pa "Mayi" kapena "Bambo". Ngati amene amakonda kucheza wayamba kuyankha kuti "Zamveka, bwana", mwamuumira kwambiri, ndipo kuli bwino kumuimbira foni kapena kumupitira. Kuboma chizindikiro chake n'chosiyana. Mukapita kukafunsa n'kupeza kuti kalata yanu palibe amene akuidziwa, kawirikawiri ndiye kuti inalembedwa dzina la munthu kapena inapatsiridwa m'manja pakhonde osadutsa kolandirira makalata. Mukapeza kuti ilipo koma sinayende, yang'anani ngati munaikamo nkhani ziwiri kapena zitatu zofunika maofesi osiyanasiyana, chifukwa kalata imodzi singalowe m'mafayilo awiri.

Chovuta kwenikweni chili pakatikati, pamene mbali ziwirizi zakumana mwa munthu mmodzi. M'matauni athu aang'ono, wowerengera ndalama wa kukhonsolo akhoza kukhala mnzanu wa kutchalitchi, mlamu wanu, kapenanso kasitomala amene munamukhomera bedi. Mtima umafuna kumulembera kuti "Achimwene, tandithandizeni kankhani kanga kaja." Pakamwa kapena pafoni, moni wa ubale ndi woyenera, ndipo kumutchula "Bwana" mouma mutakumana pamsika kungakhale kumunyoza. Koma chilichonse cholowa m'fayilo chilembedwe kwa mpando, ngati kuti simukumudziwa. Izi zimateteza iyeyo kuposa inu. Kalata yoti "achimwene" ikapezeka pakati pa mapepala a malipiro, aliyense woiwerenga adzafunsa ngati ntchito ya madesiki inaperekedwa mwachilungamo, ngakhale zonse zinayenda bwinobwino. Mawu ngati "sindidzakuiwalani" kapena "tidzaonana zikatheka", amene pakati pa abale ndi kuthokoza chabe, papepala la boma amamveka ngati lonjezo la chiphuphu. Mnzanuyo mukhoza kungomuuza kuti mwasiya kalata kuofesi tsiku lakuti, ndipo zikathere pomwepo.

Imelo yasokoneza anthu ambiri pa mfundo yomweyi, chifukwa imalembedwa pafoni pomwe timachezera ndi anzathu. Imelo yopita kuofesi ya boma ndi kalata ndithu, imatha kusindikizidwa n'kuikidwa m'fayilo. Mutu uja upite pamzere wa mutu, malonje akhale omwe aja, mawu alembedwe athunthu opanda zidule ndi tizithunzi toseka. Ofesala akayankha mochezeka n'kusayina ndi dzina lake loyamba, mukhoza kufewetsako pang'ono, kumutchula "Bambo" kapena "Mayi" ndi dzina la bambo awo. Iye ndiye ayambe kutsika, inu muzitsatira pambuyo.

Pali ofesi imodzi imene siyilowa bwino m'magulu awiriwa, ndiyo ya mafumu. Mfumu yaikulu ili ndi kalaliki, chidindo ndi mabuku, ndipo ntchito zake zambiri zimalumikizana ndi za Bwanamkubwa. Koma kulembera mfumu "Bwana," n'kulumphira pankhani kungaoneke kusaleredwa. Kumeneko timatchula ufumuwo ndi ulemu wake, monga "Gogo Chalo" kumadera kumene amatero, n'kupereka moni wa chiganizo chimodzi kapena ziwiri tisanafike pa chimene tadzera. Ndi mpando ndithu, koma mpando umene mwambo wake umafuna moni wathunthu.

Tikaziika pamodzi, kalata ya kuboma ndi yosavuta kuiphunzira, chifukwa ikangodziwika kamodzi imakhala yomweyo kwa Bwanamkubwa, kwa Mlembi Wamkulu ndi kwa Mkulu wa Khonsolo, ndipo ngakhale itauma pang'ono palibe amene amakhumudwa. Uthenga wa kwa kasitomala ulibe chikombole, umafuna kuti mumudziwe munthuyo, ndipo kulakwitsa kwake kumadula kwambiri chifukwa ofesi siyisunga chakukhosi koma munthu amasunga. Choncho kwa amisiri, ogulitsa katundu ndi onse olemba okha makalata awo, pempho langa ndi ili: lembani kalata imodzi yabwino ya kuboma muisunge, muzingosintha mutu, masiku ndi manambala. Koma uthenga wa kwa kasitomala musamakopere wa munthu wina. Muziulemba mwatsopano nthawi iliyonse, moni patsogolo, ndalama ndi tsiku zili momveka.